Pensulo yosaoneka pa sikani yotuwa: siyani kontirasiti, pitani ku Levels

Vuto ili limandipeza pafupifupi mwezi uliwonse, wina anditumizira sikani ya kalata yakale kapena tsamba la kope, yonse yotuwa mbuu ngati phulusa, zolemba za pensulo zikungooneka ngati mthunzi, ndiye akuti "aise tandithandiza, ndakweza kontirasiti koma zangosoweratu". Ee, zimasowadi. Ndipo si kuti munthuyo walakwitsa kukoka, ndi chida chomwe wagwiracho chimene sichoyenera ntchito imeneyi.

Ine ndinaphunzira movutika pa kalata ya agogo anga aamuna yomwe analemba ali ku Joni mu 1968, pa pepala lothothola m'kope, ndi pensulo. Kalata yeniyeniyo ili kumudzi m'sutikesi ya azakhali ndipo sangailole kuyenda, ndiye msuweni wanga anakaisikana pa kashopu kena pa boma nkunditumizira fayilo. Itafika ndinangoti mayo ine. Pepala lotuwa, zilembo zotuwa, kusiyana kwake kochepetsetsa. Ndifotokoza ndi kalata imeneyi chifukwa manambala ake ndimawakumbukirabe, pulogalamu ndi GIMP poti ndi yaulere, koma wa Photoshop angodina Ctrl+L apeza zomwezo.

Choyamba mumvetse chifukwa chake kontirasiti imakupusitsani. Pa sikani wamba kadontho kalikonse kali ndi nambala kuyambira 0 mpaka 255, 0 ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee. Kontirasiti yachikale ija imaima pakati, cha pa 128, nkumakankha zonse zapamwamba pake kupita koyera, zapansi pake kupita kokuda. Pa bolopeni yakuda zimayenda bwino poti inki ili pansi, pepala lili pamwamba. Koma pensulo yozilala siili pansi ayi. Pa kalata ya agogo pepala linali cha pa 205, pensulo pomwe anadinikiza cha pa 170, pomwe dzanja linapepuka 185. Zonse zitatu zili pamwamba pa 128. Ndiye mukawirikiza kontirasiti kawiri, pepala lithawira ku 255, 170 ija ifika 212, 185 ifika 242. Mwaona? Pensulo yomwe mumafuna ide yayera kuposa poyamba. Mukawonjezanso pang'ono tsamba lonse mbee, ngati sanalembepo chilichonse. Ena amatsitsa kaye kuwala kenako nkukweza kontirasiti, zimatheka ndithu, koma kumeneko nkupapasa mumdima, pomwe Levels imakuonetsani pamene mukuponda.

Ndiye musanakoke kalikonse, sungani kaye fayilo yoyambayo padera, gwirani ntchito pa kope lake. Kenako yezani. Tengani Color Picker, chongani Sample average kuti isatenge kadontho kamodzi kokha, gwirani Shift nkudina, kawindo katuluka kokuuzani nambala. Dinani papepala lopanda kanthu malo anayi kapena asanu, pakati ndi m'makona, lembani. Kuzani chithunzi mpaka 200% mudine pakati pa mzere wa pensulo wakuda kwambiri, kenako funani mzere wofooketsetsa womwe mukuuonabe ndi maso. Nambala yachitatuyi ndiye yofunika kuposa zonse ndipo ndi imene anthu amaidumpha.

Tsopano tsegulani Colors > Levels. Muona chojambula chakuda ngati mapiri, chimenecho ndi histogiramu, chikungowerenga kuti madontho angati ali pa nambala iliyonse. Pa sikani ya pensulo mumaona phiri limodzi lalitali chakumanja, limenelo ndi pepala, ndiye kumanzere kwake kuli kamchira kotsika pang'onopang'ono ngati kachulu kogumuka, kameneko ndiko pensulo yanu. Nthawi zambiri kamchirako sikaoneka nkomwe poti zolemba zimatenga malo ochepa kwambiri patsamba, ndiye dinani kabatani ka Logarithmic histogram pamwamba pa chojambulacho, katukuka. Kumanzere kwenikweni, kuyambira 0 mpaka cha pa 150, kunali chigwa chopanda kanthu pa sikani yanga. Ndiye kuti manambala opitirira theka akungokhala osagwira ntchito, kalata yonse yapanikizana pa kamalo ka manambala 60 okha. Ntchito yathu nkukatambasula kamaloko.

Pansi pa chojambulacho, pa Input Levels, pali timakona titatu, kakuda kumanzere, koyera kumanja, kotuwa pakati. Za Output Levels zisiyeni, sizikutikhudza. Ngati yanu ikuwerenga 0 mpaka 100 m'malo mwa 255 musadabwe, ndi muyezo womwewo pa peresenti.

Yambani ndi kakuda. Kakokereni kumanja mpaka pomwe kamchira kayambira, osalowa m'katimo. Ine ndinaika pa 150. Apa tsamba lonse lida ndipo mtima umagunda, musaope. Kenako koyera kakokereni kumanzere, ndipo apa ndi pomwe pali msampha wonse. Kaimitseni pa phazi la phiri la pepala, mbali ya kumanzere, pomwe phirilo layamba kukwera. Kwa ine panali pa 200. Chilichonse cha pamwamba pa nambala imeneyi chisanduka 255, chayera, chapita, sichibwereranso.

Ndikuti msampha chifukwa ulendo woyamba ndinakakokera mpaka 180 pofuna pepala loyera bwino ngati la ku ofesi. Zinaoneka zokongola zedi. Ndinawerenga mosangalala kuti agogo atumiza paundi 1 yogulira malata, nkumaseka kuti akuluwa analinso ouma manja eti, paundi imodzi malata angati. Nthawi imeneyo kwathu kunali kukadali mapaundi, kwacha inabwera mu 1971. Nditabwerera ku fayilo yoyamba nkuyang'anitsitsa, pamwamba pa 1 uja panali kamzere kopingasa kofooka, ka pa 185. Anali 7. Ndinali nditadula ndekha kamzerako poika koyera pa 180, poti 185 yaposa 180 ndiye inawerengedwa ngati pepala. Agogo ndinawanamizira ulesi wanga. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa nlakuti kakona koyera kazikhala pamwamba pa nambala ya mzere wofooketsetsa uja ndi manambala 10 kapena kuposa, pepala likatsala lotuwirako litsale, bola zilembo zonse zilipo.

Masamu ake ndi awa, kwa okonda kuona mkati:

```
out = 255 * ((in - low) / (high - low)) ^ (1 / gamma)
```

Ndi 150 ndi 200, pensulo ya 170 ija imafika pa 102, ya 185 imafika pa 178, pepala 255. Poyamba pepala ndi mzere wofooka zimasiyana ndi 20 yokha, pano zikusiyana ndi 77. Zikuwerengeka kale koma mizere yofookayo ikadali yotumbuluka, ndiye pamabwera kakona kapakati, gama. Kamayambira pa 1.00. Mukakakokera kumanja nambala imatsika, zotuwa zimada, koma zoyera zimakhala zoyerabe, ndiye ubwino wake umenewo. Ndinaika 0.60, 178 ija inatsikira pa 141, 102 inafika 55. Apa 7 uja anaimirira bwinobwino. Anthu ambiri amakokera kumanzere poganiza kuti kumene kuli kakuda ndiko kodetsa, ayi, kumanzere nkoyeretsa. Pansi pa 0.50 sindikonda kupitako, timadontho ta pepala timayamba kutuluka.

Amene muli ndi masamba ambiri osikanidwa tsiku limodzi pa makina amodzi, ImageMagick, pulogalamu yomwe mumangoilembera malamulo, imachita zomwezi pa mzere umodzi tsamba lililonse, 150 ndi 200 pa peresenti ndi pafupifupi 59 ndi 78:

```
magick tsamba.tif -level 59%,78%,0.6 tsamba_labwino.png
```

Koma yezani tsamba limodzilimodzi kaye mwa apo ndi apo, m'kope limodzi lomwelo masamba oyambirira amakhala akuda ndi manja kuposa apakati.

Pakati payera koma m'makona mwada bii

Ili ndiye vuto lomwe limabwera kawirikawiri kuposa onse, ndipo pa kalata ya agogo linandidyera usiku wathunthu. Pakati pa tsamba zinali bwino, koma kona yakumunsi ndi motsatira mpindo pomwe kalatayo inapindidwa zaka zonsezi munada moti zilembo zinamira. Nditayeza ndinapeza kuti pepala la pakonapo lili pa 180. Taganizani, pepala lopanda kanthu la pakona ndi lakuda kuposa pensulo yofooka ya pakati yomwe ili pa 185. Palibe malo omwe mungaike kakona koyera nkukondweretsa onse awiri, mukapulumutsa kona mwapha pakati, mukapulumutsa pakati kona yamira. Mukangoona manambala a pepala akusiyana ndi 15 kapena 20 pakati ndi m'mbali, kapena phiri la pa histogiramu lili lotambalala ngati chitunda, mwina la nsonga ziwiri, siyani Levels kaye, salazani pepala.

Kusalaza kwake nkosavuta. Bwererani ku sikani yosakhudzidwa ija. Layer > Duplicate Layer, mukhale ndi maleya awiri, chithunzi chomwecho chosanjikizana kawiri. Pa yapamwamba pitani Filters > Blur > Gaussian Blur nkukweza mpaka zolemba zonse zisungunuke, patsale mitambo yokha ya kuwala ndi mthunzi. Pa 300 dpi, ndiye kuti madontho 300 pa inchi iliyonse, mzere wa pensulo wa theka la milimita ndi madontho pafupifupi 6, ndiye ine ndimayambira pa 40, nthawi zina 60, pa 600 dpi wirikizani kawiri. Kenako pa Mode ya leya yapamwambayo sankhani Divide. Chikuchitika nchakuti kadontho kalikonse kakugawidwa ndi kuwala kwa pepala lokazungulira, ndiye pepala la 205 pakati ndi la 180 pakona onse afika pafupi ndi 255, pensulo yokha ndi imene itsale pansi. Image > Flatten Image, nkuyezanso mwatsopano chifukwa manambala asintha onse, kwa ine pensulo inakwera kufika cha pa 211 ndi 230, ndiye Levels yake inakhala 185 ndi 248, gama yomweyo 0.60. Mukaiwala kuyezanso nkuika 150 ndi 200 zakale zija, tsamba lonse mbee, ndinazichitapo.

Mukaona kuti kuzungulira mawu kuli kuwala koyera ngati mkombero wa mwezi, kapena pomwe agogo anadinikiza mawu ambiri pamodzi payera kuposa poyamba, ndiye kuti kusungunula kunachepa, zilembo zinatsala mu leya yapamwamba ndiye zikudzigawa zokha. Kwezani nambala ya Gaussian Blur. Njira ina, musanasungunule dinani Filters > Generic > Dilate kangapo pa leya yapamwambayo, imakuza zoyera nkumeza mizere yopyapyala, kenako musungunule. Mpindo weniweniwo, kamzere kakuthwa kaja, sikachoka ndi njira iyi poti nako nkopyapyala ngati pensulo. Kasiyeni. Kufufuta mpindo ndi burashi ndi momwe anthu amafufutira michira ya zilembo.

Tsamba ladzaza timadontho ngati mchenga

Apa nkofunika kuvomereza kuti Levels sidziwa kuti ichi ndi chilembo ichi ndi litsiro. Tatambasula manambala 50 kukhala 255, ndiye kuti chilichonse chakula kasanu, ulusi wa pepala, fumbi la pagalasi, zala za ana omwe anaigwira kalatayo. Mukaona mchenga wabalalika paliponse, kawirikawiri kakona koyera kali pakati pa phiri m'malo mwa phazi lake, theka la pepala layera theka lina latsala. Katsitseni pang'onopang'ono, 2 kapena 3 pa ulendo, diso lili pa mzere wofooketsetsa uja, ukangoyamba kuduka bwererani. Zikakanika, Gaussian Blur yochepetsetsa, 0.7 kapena 1.0, pa sikani musanachite Levels imathandiza. Ndikuti musanachite, chifukwa mukatha mchengawo wakula kale. Ndipo za Sharpen ziiwaleni, zimangonola mchenga womwewo.

Koma ngati mukakuza mukuona timabokosi tamakona anayi ngati matailosi, ndi tinthunzi tonjenjemera m'mbali mwa zilembo, umenewo si mchenga wa pepala, ndi JPEG. Imapanikiza chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 kwa 8 ndipo chomwe imataya msanga ndi kusiyana kochepa, komwe ndi pensulo yanu yomwe. Zimachitika kwambiri munthu akatumiza sikani pa foni ngati chithunzi wamba, pulogalamu yochezera imaichepetsa nkuipanikizanso. Palibe kakona komwe kangakonze zimenezi. Muuzeni atumizenso ngati Document, fayilo yomwe inatuluka m'makina. Msuweni wanga anachita kubwerera ku shopu kuja ulendo wachiwiri, anadandaula za thiransipoti koma kusiyana kwake kunali usiku ndi usana. Nanunso mukamaliza sungani ngati PNG kapena TIFF, osati JPEG pamwamba pa JPEG.

Chizindikiro china, mukatsegulanso Levels mutamaliza histogiramu ikuoneka ngati chipeso, mano ndi mipata. Nzachibadwa, manambala 50 sangadzaze malo 256. Powerenga sizisokoneza. Chomwe chimasokoneza nkuchita Levels kanayi kasanu motsatizana, ulendo uliwonse mukutaya kena kake mpaka zilembo zikhale zamadukaduka. Zikalakwika dinani Ctrl+Z muyambirenso, musamange pamwamba pa zolakwika.

Zawerengeka koma posindikiza zikutuluka zofooka

Pa sikirini kumbuyo kuli kuwala ndiye zotuwa zimaoneka, pa pepala pulinta imamwaza timadontho ndipo 141 uja amatuluka wofooka. Kachinyengo kake, Duplicate Layer pa chithunzi chomwe mwakonza kale, Mode muike Multiply. Choyera kuchulukitsa ndi choyera chimakhala choyerabe, koma 141 amatsikira pa 78. Zikada mopitirira tsitsani Opacity, mphamvu ya leya yapamwambayo. Izi zimagwira pokhapokha pepala litayera kale, mukachita pa sikani yotuwa yoyamba ija pepala nalo lida limodzi.

Colors > Threshold, ija yosandutsa zonse zakuda kapena zoyera basi, ine pa pensulo sindiifuna. Mzere wa pensulo si wodzaza ngati wa inki, ndi tizidutswa ta makala ake tomwe tinakanirira pansonga za ulusi wa pepala, diso ndi lomwe limalumikiza. Mukadula ndi Threshold mzere umasanduka mikanda yoduka, a amafanana ndi o, 3 ndi 8 osasiyanitsika. Kutuwa kwina kuja kumanyamula uthenga, nkomwe kumakuuzani pomwe dzanja linayambira ndi pomwe linanyamuka. Batani la Auto Input Levels nalo silithandiza kwenikweni, likapeza mzere wakuda wa m'mphepete mwa galasi kapena chidindo cha inki limati kuda kwapezeka kale, nkusiya pensulo momwe inaliri. Nchifukwa chake ndi bwino kudula m'mbali mwakuda monse musanayambe, ngakhale histogiramu imaoneka bwino mukatero.

Pamene palibenso chotulutsa

Nthawi zina mumayeza pepala nkupeza 255 ndendende paliponse, histogiramu ili ndi mzati umodzi wotsamira khoma lakumanja, zilembo zili zidutswa. Apo ndiye kuti makina anayeretsa okha posikana, ambiri ali ndi zochotsa mtundu wa pepala kapena zokometsa zolemba zomwe zimayatsidwa zokha, kapena munthu anasankha Black & White. Zomwe zinafika pa 255 zinapita, Levels singabweze chomwe mu fayilo mulibe. Nchifukwa chake ine ndikalandira sikani yotuwa mbuu yonyansa ndimasangalala, ndiye kuti zonse zikadalimo. Yoyera bwino ndi yomwe imandiopsa.

Ngati pepala lenilenilo likupezeka, sikananinso, ndipo muimirire pomwepo muwauze a pashopu zoti achite. Azimitse zonse zodzikonza zokha, 600 dpi, TIFF kapena PNG, 16-bit ngati makinawo ali nayo poti imapereka masitepe 65,536 m'malo mwa 256 ndiye chipeso chija sichibwera. Ndipo ngakhale pensulo ilibe mtundu, sikanani ya mitundu. Pepala lakale limakhala lachikasu ndi mawanga ofiirira, mukapita Colors > Components > Decompose nkutenga leya ya red yokha, chikasu ndi mawangawo zimayera pomwe pensulo imatsala momwemo, kamzere kofiira ka m'mbali mwa kope nako kamazilala. Mizere yabuluu ya m'kope imazilala mu leya ya blue, koma kumeneko pepala lachikasu limada, ndiye muyese zonse muone yomwe ikukomerani. Sikani yopanda mitundu mwayi umenewu ilibe. Ngati zolemba za kuseri zikuonekera, ikani pepala lakuda kumbuyo kwa tsambalo posikana m'malo mwa chivundikiro choyera chija, zimachepa kwambiri.

Chinanso chodabwitsa, pomwe munthu anadinikiza kwambiri ndi pensulo yofewa pamanyezimira, ndiye nyali ya makina ikagundapo penapake pamatuluka poyera kuposa momwe maso akuonera. Tembenuzani pepalalo chopingasa musikanenso, kuwala kubwere mbali ina, nthawi zambiri zimasintha.

Pensulo sizilala ndi dzuwa ngati inki zina, imachita kupukutika, masamba akamakhudzana ndi manja akamagwira. Ndiye mizere iwiri yomaliza ya kalata ya agogo, pomwe chala chachikulu cha aliyense wowerenga chinkagwira, makala anathapo ndithu, pepala 203 chilembo 200, palibe chotambasula. Koma agogo ankadinikiza, nsonga inasiya tingalande m'pepala. Ndinamuuza msuweni azimitse magetsi usiku, agoneke tochi pathebulo kuti kuwala kudutse chokwawa papepala kuchokera kumbali, ajambule ndi foni kuchokera pamwamba ataitsamiritsa pa mabuku kuti isagwedezeke. Tingalandeto tinagwira mthunzi. Chithunzicho chinali chowala mbali imodzi chakuda mbali ina, ndinachisalaza ndi Divide yomwe ija kenako Levels, mawu asanu mwa asanu ndi atatu anatuluka, moni kwa alongo awo ndi funso la ng'ombe. Atatu enawo ndinangoika timadontho polemba, sindinafune kulosera. Azakhali anafuna kudutsitsamo bolopeni kuti zizioneka, ndinachita kuwaimbira foni kawiri kuwachonderera kuti asayerekeze.